Kontrakiti Yomasuliridwa ndi Makina: Zimene Mwawerenga ndi Zimene Mukusayina

Masiku ano munthu akalandira kontrakiti ya masamba 20 m'chinenero chimene sachidziwa, sasowa pogwira. Amaiika mu pulogalamu yomasulira, ndipo pasanathe mphindi imodzi yonse imatuluka m'chinenero chimene amamva, ndime zili m'malo mwake, manambala ali m'malo mwake, ziganizo zikuyenda bwinobwino. Akaiwerenga amaona kuti waimvetsa. Ndipo n'zoona, zimene zili patsogolo pakezo wazimvetsadi. Chimene sangathe kudziwa pa yekha n'chakuti kodi zimene wamvetsazo ndi zomwe zalembedwa m'pepala limene akukaikapo siginecha yake.

Ndakhala ndikugwira ntchito younika zomasulira za makontrakiti kwa zaka zingapo, makamaka zochokera m'Chifalansa, ndipo ndimawagwiritsa ntchito makinawa. Sindikuwanyoza. Amafulumizitsa ntchito, ndipo ziganizo zambiri amazimasulira molondola. Koma kontrakiti siyesedwa ndi kuchuluka kwa ziganizo zolondola. Pa masamba 20 aja, ziganizo zimene zidzakambidwe tsiku la mkangano mwina ndi zisanu zokha: ndalama zimene mwalipira zibwerera kapena ayi, muli ndi masiku angati oti mudandaule, alipire ndani katundu akawonongeka, mlandu ukazengedwa kuti. Chimodzi mwa zisanuzi chikapotoka, kulondola kwa zina zonse sikukuthandizani.

Ndiyambe ndi siginecha, chifukwa ndi pamene nkhani yonse yagona. Mu 1934 khoti lina la ku England linagamula mlandu wotchedwa L'Estrange v Graucob. Mayi wina amene anali ndi malo odyera anagula makina ogulitsira ndudu ndipo anasayina pepala la mgwirizano osawerenga timalemba ting'onoting'ono ta m'munsi. Makinawo sanagwire ntchito bwino, koma timalembato tinkachotsera wogulitsa udindo. Khoti linati munthu akasayina, zolembedwazo zamumanga, kaya anawerenga kaya sanawerenge, pokhapokha ngati panali chinyengo kapena ananamizidwa za zimene pepalalo likunena. Malamulo oteteza ogula afewetsa mfundoyi m'mayiko ambiri kuchokera nthawi imeneyo, koma pakati pa anthu awiri ochita bizinesi idakali yolimba. Tsono taganizirani munthu amene wamasulira yekha kontrakiti ndi pulogalamu imene wasankha yekha. Mnzakeyo sanam'namize. Anam'patsa pepala loona. Kunena kuti "pulogalamu inandiuza zina" sikusiyana kwenikweni ndi kunena kuti "sindinawerenge."

Pamwamba pa izo, makontrakiti ambiri a pakati pa mayiko amakhala ndi kachiganizo kamodzi chakumapeto konena kuti pakakhala kusiyana pakati pa zinenero, chinenero chakuti ndicho chidzatsatidwe. Choncho ngakhale mutasayina mapepala a zinenero zonse ziwiri, limodzi lokha ndilo lili ndi mano.

Ndifotokoze za kontrakiti imodzi imene inadutsa m'manja mwanga, chifukwa zolakwika zake zinali za mtundu umene ndimaukumana nawo kawirikawiri. Mayi wina amene ali ndi kampani yaing'ono ankafuna kugula jenereta yaikulu kwa kampani ina ya ku France. Mtengo unali mayuro 48,000. Posayina ankayenera kulipira 30 peresenti, amene ndi mayuro 14,400, ndipo otsala 33,600 ankayenera kulipira katundu asananyamuke. Ndalama zoyambazo anali nazo. Zotsalazo ankadalira ngongole ya ku banki imene inali isanavomerezedwe. Kontrakiti inali m'Chifalansa, yotsata malamulo a ku France, ndipo iwo anali ataiwerenga yonse kudzera pa makina. Anabwera kwa ine chifukwa a ku banki anafuna kumasulira kokhala ndi dzina la munthu.

Titakhala pansi anandiuza mmene anaimvera nkhaniyo. "Achimwene, ndawerengera kale. Banki ikakana, nditaya dipoziti yangayo, 14,400. Zowawa ndithu, koma ndingapirire." Pepala lomasuliridwalo linkanenadi za dipoziti, ndipo aliyense woliwerenga akanaganiza chimodzimodzi.

M'malamulo a ku France muli mitundu iwiri ya ndalama zolipira poyamba, ndipo uliwonse uli ndi dzina lake. Mtundu woyamba umatchedwa arrhes. Ndime 1590 ya malamulo awo a Code civil imati ndalama zikaperekedwa mwa mtundu umenewu, aliyense mwa awiriwo ali ndi ufulu wobwerera m'mbuyo: wogula akasintha maganizo amataya ndalama zimene anaperekazo, wogulitsa akasintha maganizo amabweza kuwirikiza kawiri. Izi ndi zimene mayi aja ankaganiza kuti akusayina. Mtundu wachiwiri umatchedwa acompte. Uwu ndi gawo loyamba la mtengo pa malonda amene atsekedwa kale. Palibe khomo lotulukira. Wogula akalephera kupitiriza, wogulitsa angathe kuumirira kuti alipidwe ndalama zonse zotsala, kapena kuthetsa mgwirizano n'kufuna chipukuta misozi pa zimene wataya. M'kontrakiti ya mayiwa munalembedwa acompte. Makina kawirikawiri amamasulira mawu onse awiriwa ndi liwu limodzi lomwelo la dipoziti, ndipo apa anachita chomwecho.

Kusiyana kwake n'kwakukulu. Iwo ankaona ngati chiopsezo chawo chathera pa 14,400, pamene pepala limene akanasayina linkawamanga pa 48,000 yonse, banki ivomere kapena ikane.

Chimene ndikufuna muone n'chakuti makinawo sanasankhe liwu lachilendo kapena lopanda nzeru. Mutatsegula dikishonale wamba mungapezenso dipoziti pa mawu onse awiri. Vuto linali lakuti malamulo a dziko limodzi amasiyanitsa zinthu ziwiri zimene chinenero china chimazitchula ndi dzina limodzi. Womasulira amene anaphunzira za malamulo akafika pamenepa amaima. Amalemba kuti "gawo loyamba la mtengo, losapereka ufulu wobwerera m'mbuyo," kapena amasiya liwu la Chifalansalo n'kuikapo ndemanga yofotokoza. Makina saima, chifukwa sanapangidwe kuti aziima. Kuyambira cha m'ma 2016, pamene mapulogalamu akuluakulu omasulira anayamba kugwiritsa ntchito njira yotsanzira kalumikizidwe ka ubongo, amapanga chiganizo posankha liwu limene likuoneka loyenera kwambiri kutsatira mawu am'mbuyo, malinga ndi zolemba zochuluka zimene anaphunzirapo. Zotsatira zake zimakhala zosalala. Mapulogalamu akale ankatulutsa ziganizo zothyokathyoka, ndipo kuthyokako kunkamuchenjeza munthu kuti asazikhulupirire. Atsopanowa amalemba mosalala pamene alondola, amalembanso mosalala chimodzimodzi pamene alakwa. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kwa zinenero zimene zili ndi zolemba zochepa pa intaneti, pali vuto lina lowonjezera. Makina ambiri anaphunzira zinenero zoterezi poziyerekeza ndi Chingerezi, choncho pomasulira kuchokera ku Chifalansa tanthauzo limadzera kaye ku Chingerezi. Ngati kusiyana kwa mawu awiri aja kwatayika pa sitepe yoyamba, sikungabwererenso pa yachiwiri.

Chachiwiri chimene tinapeza chinali cha masiku. Kontrakiti inkati wogula ali ndi masiku 10 kuchokera pa tsiku lolandira katundu oti adziwitse wogulitsa m'kalata ngati waona vuto looneka, ndipo masikuwo akadutsa ndiye kuti katunduyo wamulandira mmene alili. Makina analemba kuti masiku 10 ogwira ntchito. Chifalansa chili ndi njira ziwiri zonenera zimenezi, zosiyana ndi zilembo zochepa chabe. Jours ouvrés ndi masiku amene kampani imatseguladi, nthawi zambiri Lolemba mpaka Lachisanu. Jours ouvrables ndi masiku onse kupatula Lamlungu ndi maholide a boma, kutanthauza kuti Loweruka limawerengedwa. M'kontrakitimo munali mtundu wachiwiriwu.

Tiyeni tiwerenge. Jenereta ifike Lolemba, ndipo tiyambe kuwerenga mawa lake. Tikamawerenga ndi Loweruka lomwe, Lachiwiri mpaka Loweruka ndi masiku 5, kenako Lolemba mpaka Lachisanu la sabata yachiwiri ndi ena 5. Nthawi yathera Lachisanu. Koma munthu amene akuganiza za Lolemba mpaka Lachisanu awerenga masiku 4 sabata yoyamba, 5 sabata yachiwiri, ndipo tsiku lake la 10 likhala Lolemba la sabata yachitatu. Ngati amisiri ayesa jeneretayo Lachisanu lija n'kupeza vuto, mwini wake anena mumtima kuti kalata ndilemba Lolemba, nthawi idakalipo. Kalatayo idzakhala itachedwa. Palibe nambala imene inasinthidwa. Nambala 10 ili m'mapepala onse awiri, ndipo munthu woyerekeza manambala okha sangaone kanthu.

Pa nkhani ya manambala ndingowonjezera kuti kalembedwe kake nakonso kamasiyana. Ku France ndi m'mayiko ambiri a ku Ulaya, 1,5 amatanthauza chimodzi ndi theka, ndipo m'makontrakiti ena 48.000 amatanthauza zikwi 48. Deti lolembedwa 03/04 ndi pa 3 Epulo kwa Mfalansa, koma ndi pa 4 Malichi kwa munthu wa ku America. Makina nthawi zina amasintha kalembedweka, nthawi zina amakasiya, ngakhale m'pepala limodzi lomwelo.

Chachitatu ndicho chimandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa sichisiya chizindikiro. Ndime ya galanti inali chiganizo chimodzi chachitali cha mizere isanu ndi iwiri, monga mmene maloya amakondera kulemba. Inkati wogulitsa adzakonza kapena kusintha jeneretayo kwa miyezi 24, kupatula zipangizo zimene zimatha mwachibadwa monga mafyuluta ndi malamba, komanso pokhapokha ngati amene anaiika ndi kuiyatsa koyamba ndi mmisiri wovomerezedwa ndi wogulitsa. M'zomasulirazo miyezi 24 inalimo, mafyuluta ndi malamba analimo, koma za mmisiri wovomerezedwa munalibe. Chiganizo chinathera pa malamba, ndipo chinkamveka chathunthu. Mayi aja anali atapangana kale ndi mmisiri wawo wa masiku onse kuti ndiye adzaiike. Akanachita zimenezo, galanti yonse ikanafa tsiku loyamba.

Kudumpha mawu ndi vuto lodziwika la makina amtunduwu, makamaka pa ziganizo zazitali zokhala ndi timagawo tambiri. Amafika pamene chiganizo chikuoneka kuti chakwanira n'kuchitseka. Ndipo timagawo timene timakhala kumapeto kwa chiganizo cha loya ndi tija timayamba ndi "pokhapokha," "kupatula," "malinga ngati." Ndi timene timachepetsa lonjezo limene laperekedwa kumayambiriro. Tikagwa, kontrakiti imaoneka yokoma kuposa mmene ilili, ndipo palibe amene amakayikira pepala limene likumukomera.

Anthu ambiri amandifunsa ngati sangathe kudzifufuzira okha potenga zomasulirazo n'kuzibwezera m'chinenero choyamba, kenako n'kuyerekeza. Njira imeneyi imagwira zina, monga kagawo kamene kadumphidwa, ngati munthu ali ndi chipiriro choyerekeza mzere ndi mzere m'chinenero chimene sachimva. Koma pa zolakwika ziwiri zoyamba zija siithandiza. Mukabweza liwu la dipoziti ku Chifalansa, makina angathe kukupatsani acompte, ndipo mudzaona ngati zonse zagwirizana, pamene kamvedwe kanu kadakali kolakwika. Kugwiritsa ntchito mapulogalamu awiri osiyana n'kwabwinoko, chifukwa pamene asiyana pamakuuzani kuti apa pali nkhani. Koma akagwirizana sizitanthauza kuti alondola, popeza anaphunzira pa zolemba zofanana ndipo amakonda kulakwa pa malo amodzi.

Palinso chinthu china chimene makina amachita mwakachetechete, chomwe ndi kusankha tanthauzo pamene pepala loyambalo silinasankhe. M'kontrakiti yomweyi munali chiganizo chonena kuti katundu wowonongeka adzabwezedwa ku fakitale "ndi ndalama zake." Zake za ndani? Chiganizocho chinatchula wogula ndi wogulitsa yemwe, ndipo m'Chifalansa momwemo sizinkadziwika bwino. Makina analemba kuti wogulitsa ndiye adzalipire. Mwina analondola, mwina ayi. Womasulira wabwino sasankha. Amaika chizindikiro n'kunena kuti apa pangamveke pawiri, afunseni eni ake, ndipo alembe dzina la wolipirayo musanasayine. Kutumiza jenereta yolemera matani angapo kubwerera kumene inachokera si ndalama zoti munthu azisiyire mwayi.

Kuti muone mmene kusamveka bwino kotere kumathera, ku Canada kunachitika mkangano wodziwika pakati pa makampani a Rogers ndi Aliant pa mgwirizano wogwiritsa ntchito mapolo a mawaya. Chiganizo china cha Chingerezi chinkanena za zaka zisanu zoyamba, zaka zisanu zowonjezera, ndi ufulu wothetsa mgwirizano popereka chidziwitso cha chaka chimodzi. Funso linali lakuti ufulu wothetsawo ukugwira ntchito ngakhale m'zaka zisanu zoyambazo kapena ayi, ndipo yankho linkadalira mpatuliro umodzi, kachizindikiro kopumira pakati pa chiganizo. Mu 2006 bungwe loyang'anira za mauthenga la CRTC linagamula mokomera Aliant potengera mpatulirowo. Mu 2007 linasintha chigamulo chake litaona mawu a Chifalansa a mgwirizano womwewo, amene ankamveka mbali imodzi yokha. Apa panalibe makina, analemba ndi anthu. Koma nkhaniyi ikusonyeza kuti oweruza amawerengadi mpaka pa kachizindikiro, ndiponso kuti pamene pali zinenero ziwiri, mawu a chinenero chinacho angathe kutembenuza mlandu. Makina amaika ndi kuchotsa mipatuliro mmene chiganizo chikuwakomera.

Tsono munthu woyenera kuunika ndi ndani? Apa anthu ambiri amasokoneza, ndipo ndikufuna ndinene mosabisa. Mnzanu amene anakhalako ku France zaka zitatu ndipo amalankhula Chifalansa bwino si munthu woyenera. Afalansa enieni ambiri amasokoneza mitundu iwiri ya dipoziti ija. Kulankhula chinenero ndi luso lina, kudziwa zimene liwu limachita m'khoti ndi luso lina.

Ntchitoyi ndi ya anthu awiri, ngakhale nthawi zina munthu mmodzi amakhala ndi maluso onse. Woyamba ndi womasulira wodziwa zolemba zamalamulo m'zinenero zonse ziwiri. Funso lake ndi limodzi: kodi pepala ili likunena zimene pepala ilo likunena? Pali miyezo ya padziko lonse imene imafotokoza ntchito yake. ISO 18587, ya mu 2017, imanena za kukonza zomasuliridwa ndi makina, ndipo ISO 20771, ya mu 2020, imanena za kumasulira zamalamulo. Simufunika kuiwerenga, koma mungathe kumufunsa womasulira ngati amaidziwa, ngati anamasulirapo makontrakiti a mtundu wanuwo, ndiponso ngati adzayerekeza ndi pepala loyamba mzere uliwonse kapena angowerenga zomasulirazo n'kuzisalaza. Funso lomalizali ndi lofunika kwambiri. Munthu wowerenga zomasulira zokha, osaona pepala loyamba, sakanadziwa kuti za mmisiri wovomerezedwa zinatayika.

Wachiwiri ndi loya wodziwa malamulo amene kontrakitiyo ikutsata. Funso lake ndi lina: kodi zimene pepalali likunena zikuchitirani chiyani, ndipo ndi ziti zimene silikunena? Makina, ngakhale womasulira wabwino, angathe kumasulira zokhazo zimene zalembedwa. Koma kontrakiti imabweretsa malamulo amene sanalembedwemo. Mu nkhani ya mayi aja, loya anaona kuti popeza anasankha malamulo a ku France pa malonda a katundu pakati pa makampani a m'mayiko awiri, pangano la United Nations la ku Vienna la mu 1980 lokhudza malonda otere likanagwiranso ntchito, chifukwa France inalivomereza ndipo kontrakitiyo sinalikane. Panganolo lili ndi mfundo zake, monga yakuti wogulitsa angathe kufuna kuti wogula alipire mtengo wonse ndi kulandira katundu. Palibe chiganizo m'kontrakitimo chimene chinatchula zimenezi. Anaonanso kuti ndime ina inkati wogula wawerenga ndi kuvomereza mfundo za malonda za kampaniyo, zomwe zinali pepala lina limene mayiwo sanapatsidwe n'komwe. Makina anamasulira ndime imeneyi molondola kwambiri, koma palibe chimene chinawauza mayiwo kuti akuvomereza masamba ena amene sanawaone.

Ndinenenso za chidindo. M'mayiko ena muli omasulira olumbira. Ku France mayina awo amakhala pa mndandanda wa makhoti a apilo. Chidindo chawo chimatsimikiza kuti kumasulirako n'kogwirizana ndi pepala loyamba. Sichitsimikiza kuti kontrakitiyo ndi yabwino kwa inu. Kontrakiti yopweteka ingathe kumasuliridwa mokhulupirika, kudindidwa, n'kukhalabe yopweteka.

Pali chifukwa chinanso chimene munthu alili wofunika, ndicho udindo. Womasulira ndi loya amaika dzina lawo pa ntchito, ambiri amakhala ndi inshuwalansi ya ntchitoyo, ndipo akalakwitsa mosasamala muli ndi wokamufunsa. Mapulogalamu aulere amanena m'mfundo zawo kuti sakulonjeza kuti zomasulirazo ndi zolondola. Ndipo poti tatchula zaulere, kumbukirani kuti makontrakiti ambiri amakhala ndi ndime yosunga chinsinsi. Kuika pepala lonse, ndi mitengo ndi mayina omwe, pa tsamba la pa intaneti limene simudziwa kuti limasunga chiyani kungakhale kuphwanya ndime imeneyo.

Kuunika kwenikweni kumayenda motere. Wounika amafuna pepala loyamba lathunthu, ndi zowonjezera zake zonse, osati chithunzi cha pa foni chosaoneka bwino, chifukwa pulogalamu yowerenga zilembo pa chithunzi ingathe kusandutsa 8 kukhala 3 makina omasulira asanayambe n'komwe. Amayamba ndi ndime ya matanthauzo n'kulemba mndandanda wa mawu amene kontrakitiyo yawapatsa tanthauzo lapadera, kenako amaona ngati liwu lililonse lamasuliridwa mofanana kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. Makina amakonda kusinthasintha mawu, apa "katundu," apo "zipangizo," kwina "zinthu," ndipo loya wa mbali inayo angathe kunena kuti izi ndi zinthu zitatu zosiyana. Akatero amayenda chiganizo ndi chiganizo, mapepala awiri ali pambali, akuyang'ana makamaka wochita ndi wochitiridwa, "ayenera" ndi "angathe," ndi timagawo ta "pokhapokha." Manambala, madeti ndi malo amene ndime ina ikuloza ku inzake amaziunika paulendo wapadera, chifukwa diso likamatsata tanthauzo limadumpha manambala. Pomaliza amalemba mafunso a malo onse amene pepala loyambalo silikumveka bwino.

Ndikudziwa kuti zimenezi zimafuna ndalama ndi nthawi, ndipo wogulitsa amakhala akukufulumizitsani kuti mtengo ukwera sabata yamawa. Ngati ndalama sizikukwana kuunika pepala lonse, ndi bwino kumuuza wounika zoona, kuti ayambe ndi ndime za malipiro, za nthawi, za galanti ndi malire a udindo, za kuthetsa mgwirizano, za malamulo ndi khoti, ndi ya chinenero. Koma muzidziwa kuti mwagula gawo chabe, ndipo alembe poyera ndime zimene waunika ndi zimene sanaunike. Ine sindikonda njira imeneyi, chifukwa chinthu choopsa nthawi zina chimabisala m'ndime ya mutu wosaopsa monga "zina ndi zina." Komabe ndi yabwino kuposa kusaunika konse.

Mayi aja sanasiye malondawo, ndipo panalibe chifukwa choti awasiye. Wogulitsa sankafuna kuwabera, anangotumiza kontrakiti yake ya masiku onse. Loya anapempha zinthu zinayi. Choyamba, kuti pakhale ndime yonena kuti mgwirizano udzayamba kugwira ntchito pokhapokha banki ikavomereza ngongole pofika deti lakuti, ndipo ikakana, 14,400 ibwezedwe. Malamulo a ku France amalola mfundo yotere, ndipo wogulitsa anavomera malinga detilo lisapitirire masiku 45. Chachiwiri, kuti m'malo mwa masiku 10 otsutsana aja alembe masiku 15 owerengedwa motsatizana pa kalendala, osadumpha lililonse. Chachitatu, kuti dzina la mmisiri wawo lilembedwe m'kontrakiti ngati wovomerezedwa, zimene kampaniyo inalola itaona mapepala ake a ntchito. Chachinayi, kuti chiganizo cha "ndi ndalama zake" chitchule wolipira. Apa sanapambane, wogulitsa anati wogula ndiye azilipira ulendo wopita ku fakitale, iye azilipira wobwerera. Mayiwo anavomera akudziwa chimene akuvomera.

Zosintha zonsezi zinalembedwa m'pepala la Chifalansa, chifukwa ndilo linali ndi mphamvu. Kukonza zomasulira zokha kukanangokometsa pepala limene khoti silikanalitsata. Wogulitsa atatumiza pepala lomaliza loti lisayinidwe, tinaliyerekeza ndi limene tinaunika lija pogwiritsa ntchito njira yoyerekezera mapepala awiri imene imapezeka m'mapulogalamu olembera, ndipo tinapeza kuti poika ndime yatsopano ya ngongole manambala a ndime zotsatira anasuntha ndi imodzi. Ndime ya galanti, imene inkaloza ku ndime 9 ya masiku odandaulira, tsopano inkaloza ku ndime ya kanyamulidwe ka katundu. Tinawalembera, anakonza tsiku lomwelo, ndipo mayiwo anasayina mawa lake.